Kuwerengera malipiro a mwezi ngati mumagwira mashifiti ndi naiti

Munthu wa mashifiti akalandira peyisilipi, kawirikawiri maso ake amathamangira pansi penipeni, pa ndalama yolowa ku banki. Ikakhala yofanana pang'ono ndi ya mwezi watha, amapinda pepalalo n'kuliika m'thumba. Koma malipiro a munthu wa mashifiti sayenera kufanana mwezi ndi mwezi, chifukwa maola a usiku sakhala ofanana. Ndagwirapo ntchito yokonza malipiro, ndipo zolakwika zambiri zomwe ndinazionapo sizinali zakuba ayi. Zinkachokera pa zinthu ziwiri: mtengo wa ola limodzi wolakwika, ndi maola a usiku owerengedwa mwachisawawa. Ziwirizi zikakhala bwino, zotsalazo n'kuphatikiza basi.

Tiyende limodzi ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Ziwerengero zake ndazisankha kuti masamu asavute, ndipo inu muikemo zanu. Tiyerekeze bambo wina woyendetsa makina pa fakitale ina ku Blantyre. Fakitaleyo siima, choncho pali mashifiti atatu a maola 8: ya m'mawa kuyambira 6 koloko mpaka 2 koloko masana, ya masana kuyambira 2 koloko mpaka 10 koloko usiku, ndi ya naiti kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Bamboyu amagwira masiku 6 pa sabata, ndipo besiki yake ndi K312,000 pa mwezi.

Yambani ndi kontrakiti, kakyuleta ibwere pambuyo

Alawansi ya shifiti ndi ndalama ya usiku ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale anthu amazitchula ngati chimodzi. Alawansi ya shifiti imaperekedwa chifukwa nthawi yanu yogwirira ntchito imasinthasintha: sabata ino mukudzuka mbandakucha, sabata yamawa mukugona masana. Imakhala ndalama yokhazikika pa mwezi, kapena yakuti pa shifiti iliyonse yomwe mwagwira. Ndalama ya usiku ndi yowonjezera pa ola lililonse lomwe mwagwira mkati mwa nthawi yomwe kampani imaitcha usiku, ndipo nthawi zambiri imakhala maperesenti a mtengo wa ola lanu. Makampani ena amapereka zonse ziwiri, ena chimodzi chokha.

Choncho tengani kalata yanu yolembedwera ntchito, buku la malamulo a pakampani, kapena mgwirizano womwe bungwe la antchito linasainirana ndi mabwana, ndipo mufufuzemo mayankho a mafunso awa. Kodi alawansi ya shifiti ndi ya pa mwezi kapena ya pa shifiti? Kodi usiku umayamba nthawi yanji ndipo umatha nthawi yanji? Kodi ndi maperesenti angati, ndipo ndi maperesenti a chiyani? Funso la nthawi yoyambira usiku ndi lomwe anthu amalilumpha, chonsecho ndi lomwe limanyamula ndalama zambiri. Zomwe anakuuzani supavaiza pakamwa tsiku loyamba sizokwanira. Pemphani kope lolembedwa ku ofesi yoona za antchito.

M'chitsanzo chathu, mgwirizano ukunena kuti alawansi ya shifiti ndi K26,000 pa mwezi, usiku ndi kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa, ndipo ola lililonse la usiku limawonjezeredwa 15 peresenti ya mtengo wa ola wochokera pa besiki.

Mtengo wa ola limodzi

Munthu wolandira pa mwezi sadziwa kuti ola lake ndi ndalama zingati mpaka atawerengera. Njira yake ndi kugawa besiki ndi maola a pa mwezi. Maola a pa mweziwo sitiwawerenga pa kalendala ya mwezi umenewo, chifukwa Febuluwale ndi waufupi ndipo Malichi ndi wautali, pomwe besiki sisintha. Timatenga maola a pa sabata, kuchulukitsa ndi masabata 52 a pa chaka, kenako kugawa ndi miyezi 12.

Lamulo la ntchito la ku Malawi la chaka cha 2000 linaika malire a maola 48 pa sabata, kupatula ovataimu. Bambo wathu amagwira maola 48 omwewo. Maola 48 kuchulukitsa ndi 52 ndi 2,496, ndipo kugawa ndi 12 tikupeza maola 208. Ndi chimodzimodzi masiku 26 a maola 8, n'chifukwa chake mumamva akalaliki akunena kuti mwezi uli ndi masiku 26. Tsopano K312,000 kugawa ndi 208 ndi K1,500. Ola la bamboyu ndi limenelo.

Samalani apa, chifukwa nambala yogawira ikasintha, zonse zimasintha. Munthu wa besiki yomweyo amene amagwira maola 45 pa sabata agawa ndi 195, ndipo ola lake likhala K1,600. Wa maola 40 agawa ndi 173.33, ola lake likhala K1,800. Kalaliki akagwiritsa ntchito 208 pa munthu yemwe kontrakiti yake ndi ya maola 40, wamuchotsera K300 pa mtengo wa ola, ndipo ndalama ya usiku ndi ovataimu zonse zitsika nawo. Pa peyisilipi sizioneka, chifukwa besiki imaoneka yokwanira bwinobwino. Palinso ena amene amagawa ndi masiku 30 ngati kuti munthu amagwira ntchito tsiku lililonse osapuma. Akatero maola amakhala 240, ola n'kutsika kufika pa K1,300. Mukaona mtengo wa ola wotsika chonchi, funsani nambala yomwe agawira.

Chinanso: ngati mgwirizano ukuti maperesenti ndi a besiki, gawani besiki yokha. Musaphatikizepo alawansi ya nyumba, ya thiransipoti kapena ya shifiti musanagawe. Bambo wathu ataphatikiza K26,000 ija, angapeze K338,000 kugawa ndi 208, yomwe ndi K1,625, n'kupita kukadandaula ndalama yomwe mgwirizano sunamulonjeze.

Kuwerenga maola a usiku

Pano m'pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikupemphani kuti muzichita ndi rosita m'manja, osati poloweza pamutu. Chabwino koposa ndi kukhala ndi kabuku kanukanu momwe mumalemba deti, nthawi yolowa ndi nthawi yoweruka tsiku lililonse, chifukwa rosita imaonetsa zomwe anakonza, osati zomwe zinachitika. Munasinthana shifiti ndi mnzanu amene anapita kumaliro, munatsalira chifukwa wokulandirani anachedwa: zonsezi rosita ya pakhoma sizidziwa.

Mwezi uno bambo wathu wagwira mashifiti 26: a m'mawa 9, a masana 9 ndi a naiti 8. Mukamufunsa kuti wagwira usiku kangati, ayankha kuti maulendo 8, ndipo kalaliki wofulumira alembanso maola 64. Koma mgwirizano sukulipira dzina la shifiti, ukulipira maola omwe agwera pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa. Shifiti ya m'mawa ilibe ola lililonse la usiku. Ya naiti yonse ndi usiku, maola 8 kuchulukitsa ndi 8, omwe ndi 64. Nanga ya masana? Imatha 10 koloko usiku, choncho kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 10 koloko pali maola 4 a usiku pa shifiti iliyonse. Maola 4 kuchulukitsa ndi mashifiti 9 ndi 36. Onse pamodzi ndi maola 100, osati 64.

Mgwirizano ukanati usiku umayamba 10 koloko, 64 ija ikanakhala yolondola ndipo shifiti ya masana sikanapeza kanthu. N'chifukwa chake ndinati funso la nthawi yoyambira lisalumphidwe.

Mphindi nazo zimasokoneza anthu ambiri. Maola 7 ndi mphindi 30 si 7.30 pa kakyuleta, ndi 7.5, chifukwa ola lili ndi mphindi 60 osati 100. Mphindi 15 ndi 0.25, ndipo mphindi 45 ndi 0.75. Gawani mphindi ndi 60 nthawi zonse. Izi zimafunika makamaka pomwe kampani siwerengera nthawi yopuma. Ngati mphindi 30 za chakudya cha usiku sizilipiridwa, shifiti ya naiti imakhala ndi maola 7.5, ndipo mashifiti 8 akhala maola 60. M'chitsanzo chathu nthawi yopuma ndi yolipiridwa, choncho tikhalabe pa 100.

Amene mumagwiritsa ntchito Excel mwina munaonapo kuti kuchotsera nthawi yolowa pa nthawi yoweruka kumakanika shifiti ikadutsa pakati pa usiku, chifukwa 06:00 ndi yocheperapo kuyerekeza ndi 22:00. Ngati nthawi yolowa ili mu B2 ndipo yoweruka ili mu C2, lembani izi, ndipo bokosi la yankho mulisankhire mtundu wa Number:

```
=MOD(C2-B2,1)*24
```

Yankho likhala 8. Dziwani kuti izi zikupatsani kutalika kwa shifiti yonse. Gawo la usiku la shifiti ya masana muliwerengere padera.

Kuphatikiza

Tsopano 15 peresenti ya K1,500 ndi K225. Imeneyi ndiyo ndalama yowonjezera pa ola limodzi la usiku. Maola 100 kuchulukitsa ndi K225 ndi K22,500. Ndiye tiika mizere itatu, uliwonse paokha: besiki K312,000, alawansi ya shifiti K26,000, ndalama ya usiku K22,500. Zonse pamodzi ndi K360,500. Iyi ndi girosi, ndalama yonse asanadule kalikonse.

Tikadatsatira kalaliki wa maola 64 uja, ndalama ya usiku ikanakhala K14,400, ndipo bamboyu akanataya K8,100 mwezi umodzi wokha. Pa chaka ndi ndalama yopitirira K90,000, yomwe pakhomo ikanagula matumba a chimanga kapena kuthandiza pa fizi. Zimandipweteka kuti ndalama zotere zimatayika mwakachetechete, popanda wina wodziwa kuti zatayika, ngakhale kalaliki amene.

Palinso kulakwitsa kwa mbali inayo, komwe kumachitika wantchito akamadziwerengera yekha. Amati ola la usiku ndi K1,500 kuphatikiza K225, yomwe ndi K1,725, n'kuchulukitsa ndi maola 100 kupeza K172,500, kenako n'kuiika pamwamba pa besiki yonse ndi alawansi ya shifiti. Akatero amapeza K510,500 ndipo amakwiya kuti amubera K150,000. Koma maola 100 aja ali kale mkati mwa maola 208 omwe besiki yalipira. K1,500 ya ola lililonse analandira kale. Chotsala ndi K225 yokha. Ola limodzi silingalipiridwe kawiri. Ena amatenga 15 peresenti ya besiki yonse, K46,800, ngati kuti maola onse a mweziwo anali a usiku. Zimenezo zingakhale zoona kwa munthu amene amagwira naiti yokhayokha mwezi wonse, osati wa mashifiti osinthasintha.

Ovataimu ikagwera usiku

Nkhani imakula pang'ono ovataimu ndi usiku zikakumana. Tinene kuti masiku awiri bambo wathu anali pa shifiti ya masana, wokamulandira sanabwere, ndipo anapitiriza mpaka 2 koloko usiku. Ndi maola 4 tsiku lililonse, onse pamodzi maola 8. Maola amenewa ndi osiyana ndi aja 100, chifukwa ali kunja kwa 208. Besiki sinawalipire, choncho apa ola lonse liyenera kulipiridwa.

Lamulo la 2000 lija limati ovataimu ya tsiku wamba la ntchito ilipiridwe mosachepera ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo ya tsiku lomwe munayenera kupuma kapena ya tsiku la tchuthi cha boma ilipiridwe mosachepera kawiri. Choncho K1,500 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi K2,250, ndipo maola 8 akupereka K18,000. Koma maolawa analinso a usiku. Kodi 15 peresenti ija ilowa bwanji?

Njira zilipo ziwiri ndipo mgwirizano wa pakampani ndi womwe umasankha. Yoyamba ndi kuwerengera chilichonse paokha kuchokera pa K1,500: ovataimu K18,000, ndi ya usiku K225 kuchulukitsa ndi 8, yomwe ndi K1,800, zonse K19,800. Yachiwiri ndi kuyamba mwakweza ola kufika pa K1,725, kenako n'kuchulukitsa ndi 1.5, zomwe zikupereka K2,587.50 pa ola, ndipo pa maola 8 ndi K20,700. Kusiyana kwake ndi K900. N'kochepa pa munthu mmodzi mwezi umodzi, koma ndinaonapo mkangano wautali chifukwa kalaliki wina ankatsata njira yoyamba, mnzake yachiwiri, pa anthu ogwira makina amodzi. Poti mgwirizano wathu ukuti maperesenti ndi a besiki, titsata yoyamba. Girosi ya mwezi ikhala K360,500 kuphatikiza K19,800, yomwe ndi K380,300.

Kwa inu okonza malipiro, maganizo anga ndi akuti maola a ovataimu a usiku aziyamba alowa mu chiwerengero cha maola onse a usiku. Peyisilipi ionetse maola a usiku 108 pa K225, omwe ndi K24,300, ndi maola a ovataimu 8 pa K2,250, omwe ndi K18,000. Yankho ndi lomwelo, K380,300, koma wantchito akhoza kutsimikiza mzere uliwonse ndi kabuku kake.

Masiku ojomba, ndi usiku wodutsa malire

Tsiku lojomba popanda chilolezo limakhudza mizere itatu ija mosiyana. Bamboyu atajomba masiku awiri, besiki idzadulidwa maola 16 pa K1,500, yomwe ndi K24,000. Alawansi ya shifiti, ngati malamulo a pakampani amalola kuidula, idzagawidwa ndi masiku 26 kupeza K1,000 pa tsiku, ndipo adzadula K2,000. Koma pa ndalama ya usiku palibe chodula, chifukwa inawerengedwa pa maola omwe anagwiradi. Mukaona maola a usiku achepa kale chifukwa cha kujombako kenako adulanso ndalama ina pa mzere womwewo, ndiye kuti adula kawiri. Pa tchuthi cha pachaka kapena cha matenda, onani ngati mgwirizano ukuti alawansi ya shifiti imapitirira. Makampani amasiyana pamenepa.

Shifiti ya naiti imakhala m'madeti awiri, ndipo izi zimabweretsa mafunso awiri. Mukalowa 10 koloko usiku pa 5 Julaye, maola 2 ali pa tsiku wamba ndipo maola 6 ali pa 6 Julaye, tsiku la tchuthi chokumbukira ufulu wodzilamulira. Makampani ena amaigawa shifitiyo pa 12 koloko usiku, ena amaona deti yomwe shifiti yayambira. Njira iliyonse yomwe asankha aitsate mbali zonse ziwiri: ngati shifiti ya pa 5 ikuwerengedwa ya tsiku wamba chifukwa cha nthawi yoyambira, ndiye kuti ya pa 6 usiku yonse ndi ya tchuthi ngakhale ikutha pa 7.

Funso lachiwiri ndi la tsiku lotsekera mabuku. Malipiro amakonzedwa mwezi usanathe, choncho makampani ambiri amatseka maola a usiku ndi ovataimu chapakati pa mwezi kapena cha m'ma 20. Ngati kwanu amatseka pa 20, peyisilipi ya Ogasiti ili ndi besiki ya Ogasiti yense, koma maola a usiku ndi a kuyambira pa 21 Julaye mpaka pa 20 Ogasiti. Anthu ambiri amene amabwera ndi dandaulo loti maola awo asowa amakhala kuti awerenga kuyambira pa 1. Funsani deti yotsekera musanayambe kuwerenga.

Kwa abale amene muli ku Joni, masitepe ndi omwewa koma lamulo la kumeneko limanenapo mwachindunji za usiku. Ndime 17 ya lamulo la ntchito la ku South Africa la 1997 imati ntchito ya usiku ndi yogwiridwa pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa, ndipo bwana ayenera kupereka alawansi, yomwe ikhoza kukhala ya shifiti, kapena kuchepetsa maola ogwira ntchito. Liyeneranso kupezeka thiransipoti pakati pa kunyumba ndi kuntchito poyamba ndi pomaliza shifiti. Lamulolo silitchula kuchuluka kwa alawansiyo, choncho mlingo wake muupeza mu kontrakiti kapena mu mgwirizano wa gawo la ntchito yanu. Maola wamba kumeneko ndi 45 pa sabata, ndiye wa maola amenewo agawe ndi 195.

Kuchokera pa girosi kufika pa ya m'thumba

K380,300 ija siyonse yolowa ku banki. Msonkho wa PAYE, womwe bwana amadula n'kutumiza ku MRA, umawerengedwa pa besiki pamodzi ndi ma alawansi a ndalama ndi ovataimu, ndiye mwezi wa naiti zambiri msonkho umakweranso. Magawo a msonkhowu amasintha ndi bajeti ya boma, choncho gwiritsani ntchito omwe MRA yalengeza chaka chimenecho. Penshoni nayo imadulidwa: wantchito amasonkha mosachepera 5 peresenti ndipo bwana mosachepera 10 peresenti. Mukhoza kudziwa ndalama yomwe awerengerapo pongoyesa. Ngati adula K15,600, ndiye kuti atenga 5 peresenti ya besiki ya K312,000. Ikaposa apo, aphatikizapo zina kapena atenga maperesenti oposa 5, ndipo mungafunse.

Pofananiza masamu anu ndi a kampani, fananizani girosi ndi girosi, mzere ndi mzere. Ngati peyisilipi sionetsa maola, gawani ndalama ya usiku ndi mtengo wake wa pa ola ndipo muona maola omwe awerengera. K14,400 kugawa ndi K225 ndi 64, ndipo pompo mwadziwa kuti asiya maola a shifiti ya masana. Yankho likatuluka nambala yachilendo yokhala ndi timadontho, ganizirani za mtengo wa ola: yesani kugawa besiki ndi 240 kapena nambala ina mpaka ligwirizane ndi maola a m'kabuku kanu.

Mukapeza kusiyana, pitani ku ofesi ya malipiro ndi pepala lolembapo madeti, nthawi yolowa ndi yoweruka, ndi ndime ya mgwirizano yomwe mukuitsata. Mawu oti "Bwana, pa 12 ndi pa 13 ndinaweruka 2 koloko usiku, koma maola 8 amenewa sindikuwaona apa" amakonzetsa zinthu msanga kuposa oti "malipiro anga achepa". Pemphani kuti zotsalirazo zidzaoneke pa mzere wakewake mwezi wotsatira, kuti zisadzasakanikirane ndi maola atsopano. Zikakanika pakampani, nthumwi ya bungwe la antchito ndi ofesi ya leba ya m'boma lanu ndi komwe mungatengere nkhaniyo, ndipo kumeneko adzafunanso kuona kontrakiti, mapeyisilipi ndi kabuku ka maola kaja.